Mmene mungafotokozere wofufuza watsopano malire a chidaliro ndi kuwalemba molondola pambali pa nambala

Aliyense amene anayang'anirapo wofufuza watsopano anakumanapo ndi zimenezi. Wabwera ndi lipoti lake loyamba, manambala ali bwinobwino, ndipo pambali pa nambala iliyonse pali mabulaketi okhala ndi manambala ena awiri. Mukamufunsa kuti, "Kodi awiriwa akutiuza chiyani?" amayamba wakhala chete, kenako n'kunena kuti ndi mmene kompyuta yatulutsira. Wina sawalemba n'komwe, amangoika `p < 0.05` n'kupitiriza.

Manambala awiriwo ndi amene ofufuza amawatchula kuti konfidensi intavo, ndipo papepala amalembedwa mwachidule kuti CI. Muno ndiziwatchula kuti malire a chidaliro. Chimene ndikufuna kuti wophunzira wanu atuluke nacho ndi chimodzi: nambala imene wapeza pa kafukufuku ndi yoyerekeza chabe, ndipo malirewo ndi amene amauza wowerenga kuti angaitsamire mpaka pati. Akagwira zimenezi, kulemba kwake sikuvutanso.

## Zimene muyenera kukhala nazo musanakhale naye pansi

- Pepala, pensulo ndi kakuleta yokhala ndi batani la √. Foni ndi yokwanira.
- Kompyuta yokhala ndi pulogalamu ya R. Ngati mumagwiritsa ntchito ina, monga Stata kapena SPSS, palibe vuto, kungoti malamulo amene ndalemba munowa ndi a R.
- Malangizo a olemba a magazini ya sayansi kapena a sukulu kumene lipotilo likupita.
- Chitsanzo chimodzi chokha, chimene muyende nacho kuyambira poyamba mpaka pomaliza.
- Ola limodzi lopanda wokusokonezani.

Chitsanzo changa ndi chongopeka pofuna kuphunzitsira, si kafukufuku weniweni. Tiyerekeze kuti tikufuna kudziwa ngati uthenga wa pafoni umathandiza odwala kubwereranso kuchipatala pa tsiku limene anauzidwa. Odwala 400 agawidwa mwa maere m'magulu awiri ofanana. Mwa 200 amene analandira uthenga, 140 anabweranso, kutanthauza 70%. Mwa 200 amene sanalandire, 120 anabweranso, kutanthauza 60%.

## Sitepe 1: Yambani ndi funso, fomula ibwere pambuyo

Lembani 70% pakati pa pepala ndipo mufunseni kuti: "Tikanatenga odwala ena 200, osati awa, kodi obwerera akanakhalanso 140 ndendende?" Sindinaonepo munthu woyankha kuti inde. Aliyense amadziwa mumtima kuti akanakhala mwina 135, mwina 147. Ndiyeno mufunseni ngati akanadabwa kupeza 138. Adzati ayi. Nanga 90? Adzati pamenepo ndiye pali china chalakwika.

Osazindikira, wayamba kale kuika malire. Muuzeni tsopano kuti pali manambala awiri amene sayenera kuwasokoneza. Yoyamba ndi nambala yeniyeni ya odwala onse otere, amene sitingathe kuwaona onse. Imeneyi ndi imodzi, siisuntha, koma sitikuidziwa. Yachiwiri ndi 70% yathuyi, yochokera mu sampulo. Imeneyi tikuidziwa, koma ikanasintha tikanatenga anthu ena. Ntchito ya malire a chidaliro ndi kusonyeza kukula kwa kugwedezeka kumeneku.

Chenjezo: musathamangire kusitepe yachiwiri asanakubwezereni kusiyana kwa manambala awiriwa m'mawu akeake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zolakwa zambiri zimene ndimapeza m'malipoti zimayambira pomwepa, pamene munthu amatenga 70% ya sampulo ngati kuti ndiyo nambala yeniyeniyo.

## Sitepe 2: Awerengere yekha pamanja, kamodzi kokha

Kompyuta idzagwira ntchitoyi moyo wake wonse, koma kamodzi aone zimene zili m'kati mwake. Pali zinthu zitatu: nambala yoyerekeza, muyeso wa kugwedezeka kwake umene umalembedwa SE, ndi nambala yochulukitsira, imene pa 95% ndi 1.96.

```
SE = sqrt(p × (1 − p) / n)
malire = p ± 1.96 × SE
```

Pa gulu la uthenga, p ndi 0.70 ndipo n ndi 200. Akachulukitsa 0.70 ndi 0.30 apeza 0.21. Akagawa ndi 200 apeza 0.00105, ndipo akadina √ apeza 0.0324. Imeneyo ndiye SE. Akaichulukitsa ndi 1.96 apeza 0.0635. Achotse imeneyi pa 0.70, kenako aiphatikize. Malire atuluka 63.6% mpaka 76.4%.

Gulu lachiwiri mumusiyire achite yekha inu muli chete. Ayenera kupeza SE ya 0.0346 ndi malire a 53.2% mpaka 66.8%.

Akamaliza, lozani chala pa n. Ili pansi, ndiponso ili m'kati mwa √. Choncho anthu akachuluka malire amapanikizana, koma mwapang'onopang'ono: kuti mpata wa pakati pa malire uchepe ndi theka, pamafunika anthu ochuluka kanayi, osati kawiri. Mfundo yaing'ono imeneyi idzamupulumutsa tsiku limene azidzakonza kafukufuku wake woyamba.

Chenjezo: asafupikitse manambala ali pakati pa masamu. Akasandutsa 0.0324 kukhala 0.03, malire ake asuntha ndi theka la peresenti mbali iliyonse. Kufupikitsa kumachitika kumapeto kokha.

## Sitepe 3: Mufotokozereni chimene 95% ikunena

Apa ndi pamene pamagona nkhani, ndipo apa muchedwepo.

Wophunzira wanu adzafuna kunena kuti, "Pali mwayi wa 95% woti nambala yeniyeni ili pakati pa 63.6 ndi 76.4." Mawuwa amamveka bwino, ndipo anthu ambiri odziwa ntchito amawanena pocheza. Koma si zimene masamu aja achita. Nambala yeniyeni siisuntha, ndipo malire awiriwa, poti atuluka kale, sasunthanso. Ndiye kuti aiphimba kapena aiphonya, ndipo ife sitingadziwe kuti chachitika ndi chiti. 95% ikunena za njira yopangira malire, osati za malire amodzi awa.

Ine ndimagwiritsa ntchito chikhomo ndi mkombero. Jambulani kadontho papepala: chimenecho ndi chikhomo chokhomedwa pansi, nambala yeniyeni. Munthu wotseka m'maso akuponya mkombero kuti ugwe mozungulira chikhomocho. Kafukufuku aliyense ndi kuponya kumodzi. Woponyayu ndi katswiri moti pa maulendo 100 amakola pafupifupi 95. Lero waponya kamodzi, ndipo maso akadali otseka. Tili ndi chifukwa chabwino chokhulupirira kuti wakola, chifukwa tikudziwa luso lake. Koma chimene chimayenda uku ndi uku ndi mkombero, chikhomo chili pomwepo.

Fanizo lokha silikwanira. Muonetseni pakompyuta, pamene ife ndi amene tasankha nambala yeniyeni kuti ikhale 0.70:

```r
x  <- rbinom(100, 200, 0.70)
p  <- x / 200
se <- sqrt(p * (1 - p) / 200)
sum(p - 1.96*se <= 0.70 & p + 1.96*se >= 0.70)
```

Mzere woyamba ukupanga kafukufuku maulendo 100, ulendo uliwonse ndi odwala 200. Mzere womaliza ukuwerenga kuti ndi malire angati amene aphimba 0.70. Yankho likhala cha m'ma 95, nthawi zina 92, nthawi zina 98. Abwereze kasanu kapena kakhumi. Kenako alembe `p` kuti aone manambala onse 100, ndipo mufunseni kuti: "Mukanakhala kuti mwachita kafukufuku mmodzi yekha mwa amene aphonyawa, mukanadziwa bwanji?" Sakanadziwa. Masamu ake akanakhala olondola, odwala anawasankha bwino, koma mwayi sunamukomere. Ndaona anthu angapo nkhope zawo zikusintha pa funso limeneli, ndipo kuyambira pamenepo amalemba modzichepetsa.

Ndiye azinena chiyani? Mupatseni chiganizo chimene angachigwiritse ntchito tsiku ndi tsiku popanda kunama: "Manambala a pakati pa 63.6% ndi 76.4% ndi amene akugwirizana bwino ndi zimene tapeza." Awonjezere m'maganizo mwake zinthu ziwiri. Manambala a pafupi ndi 70 akugwirizana ndi zimene tapeza kuposa a m'mphepete. Ndiponso malirewo si khoma: 63.5% siinasiyane kwenikweni ndi 63.7%.

Chenjezo: padzabwera funso lakuti, bwanji osangotenga 99% kuti titsimikize kwambiri? Muyankheni ndi mkombero womwe uja. Kuti ukole kawirikawiri uyenera kukula. Pa 99% timachulukitsa ndi 2.576, pa 90% ndi 1.645. Anthu ndi omwewo, zimene tikudziwa sizinawonjezeke. Tangosinthanitsa kutsimikiza ndi kulunjika. 95% ndi chizolowezi chimene anthu anagwirizana, si lamulo la chilengedwe, koma iyenera kusankhidwa munthu asanaone zotsatira.

## Sitepe 4: Malire akhale a funso limene mukufunsa

Funso la kafukufuku wathu silinali lakuti ndi angati anabweranso. Linali lakuti uthenga unasintha zinthu motani. Choncho nambala yofunika ndi kusiyana kwa magulu awiriwa: 70 kuchotsa 60, anthu 10 pa 100 aliwonse. Imeneyi iyenera kukhala ndi malire akeake.

Musanawerengere, ikani malire awiri aja pamzere umodzi. A gulu la uthenga ayambira pa 63.6, a gulu linalo athera pa 66.8. Alowana. Mufunseni maganizo ake, ndipo ndikukhulupirira kuti adzati, "Poti alowana, ndiye kuti palibe kusiyana." Msampha umenewu umakola ngakhale anthu amene akhalitsa pantchito. Musamutsutse ndi pakamwa, masamu amutsutse:

```
SE = sqrt(0.00105 + 0.00120) = 0.0474
0.10 ± 1.96 × 0.0474
```

Malire a kusiyana atuluka 0.7 mpaka 19.3. Ziro, imene ikanatanthauza kuti palibe kusiyana, mulibemo. Chifukwa chake n'chakuti kugwedezeka kwa magulu awiri sikuphatikizana mwachindunji. 0.0324 ndi 0.0346 zikanapanga 0.067, koma SE ya kusiyana ndi 0.0474 yokha, popeza sizichitikachitika kuti gulu lina litsike kwambiri pa nthawi yomweyo imene linalo lakwera kwambiri. Malire a magulu awiri odziimira paokha akapanda kulowana n'komwe, kusiyana kumakhala koonekeratu. Koma akalowana pang'ono, maso okha sangagamule.

Tsopano atsimikize pakompyuta:

```r
prop.test(c(140, 120), c(200, 200), correct = FALSE)
```

Apeza 0.007 ndi 0.193, ndi p-value ya 0.036, imene ndi yosiyana ndi p ya mu fomula ya sitepe 2. Akaiwala `correct = FALSE` apeza malire otambasuka pang'ono, 0.002 mpaka 0.198, chifukwa R imawonjezera kakukonza kena payokha. Onse awiri ndi ovomerezeka. Phunziro n'lakuti njira zowerengera malire zilipo zingapo, ndipo lipoti liyenera kutchula imene yagwiritsidwa ntchito.

## Sitepe 5: Aphunzire kuwerenga mbali zonse ziwiri mokweza

Wofufuza watsopano amayang'ana chinthu chimodzi, ngati ziro ili m'kati kapena kunja. Akatero wasandutsa malire kukhala p yovala malaya ena, ndipo wataya zonse zimene amanena. Muzolowetseni kutenga malire a m'munsi n'kufunsa kuti, zikanakhala kuti zoona zake ndi izi, tikanachita chiyani? Kenako achite chimodzimodzi ndi a pamwamba.

Pa chitsanzo chathu, m'munsi muli 0.7. Ndiye kuti pa odwala 100 otumiziridwa uthenga, wowonjezereka sakukwana ndi mmodzi yemwe. Phindu lotere woyang'anira chipatala angalione ngati losayenera ntchito yake. Pamwamba pali 19.3, pafupifupi munthu mmodzi pa asanu aliwonse, phindu limene palibe angalikane. Choncho kunena moona mtima n'kwakuti uthenga ukuoneka kuti ukuthandiza, koma kafukufukuyu sakutiuza ngati thandizolo ndi lochepetsetsa kapena lalikulu zedi.

Kuti zimenezi zikhazikike, muonetseni 70% ndi 60% zomwezo ndi chiwerengero chosiyana cha odwala:

| Odwala pagulu lililonse | Kusiyana | 95% CI |
|---|---|---|
| 50 | 10.0 | −8.6 mpaka 28.6 |
| 200 | 10.0 | 0.7 mpaka 19.3 |
| 800 | 10.0 | 5.4 mpaka 14.6 |

Nambala ya pakati ndi imodzimodzi, koma nkhani ndi zitatu. Mzere woyamba ndi umene umandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ndi pamene anthu amalemba kuti "uthenga sunathandize". Malire ofika pa 28.6 sakunena zimenezo ngakhale pang'ono. Akunena kuti uthenga ukhoza kukhala ukubweza anthu m'mbuyo pang'ono, ukhoza kukhala wopanda ntchito, ukhozanso kukhala wothandiza kwambiri, ndipo odwala 50 sakukwanira kusiyanitsa zimenezi. Njira yabwino ikhoza kutayidwa chifukwa cha chiganizo chimodzi cholembedwa mosasamala. Munthu angayandikire kunena kuti palibe kusiyana kofunika pokhapokha malire onse awiri ali pafupi ndi ziro, monga −1.0 mpaka 1.5.

Chenjezo: ziro si nthawi zonse imene imaimira kufanana. Ngati magulu tawayerekeza pogawa, monga RR kapena OR, nambala ya kufanana ndi 1. Pa chitsanzo chathu RR ndi 0.70 kugawa ndi 0.60, imene ndi 1.17, ndipo malire ake ndi 1.01 mpaka 1.35. Aonenso kuti 1.17 siili pakatikati: m'munsi mwatsala 0.16, pamwamba 0.18. Kumeneku si kulakwitsa. Malire a RR ndi OR amawerengeredwa pa `log` kenako n'kubwezedwa ndi `exp`, n'chifukwa chake amapendekera kumwamba.

## Sitepe 6: Kulemba m'chiganizo

Chiganizo chabwino chimakhala ndi zinthu zisanu, ndipo ndi bwino azichonga chimodzichimodzi mpaka atazolowera: chimene chayezedwa, nambala yoyerekeza, muyeso wake, mlingo wa chidaliro, ndi malire awiri, a m'munsi poyamba. Malire amabwera nambala ikangotha, osati kumapeto kwa ndime kumene wowerenga angasokonezeke kuti ndi a nambala iti.

Nachi chiganizo cha kafukufuku wathu:

> Odwala 140 mwa 200 (70.0%) amene analandira uthenga anabweranso, poyerekeza ndi 120 mwa 200 (60.0%) amene sanalandire. Kusiyana kunali anthu 10.0 pa 100 aliwonse (95% CI 0.7 mpaka 19.3; p = 0.04).

Taonani kuti chiwerengero cha anthu chalembedwa pamodzi ndi peresenti, kuti wowerenga athe kubwereza masamu yekha. Taonaninso kuti malire ali pa kusiyana, pamene pali funso, ndipo p yabwera pambuyo ngati mlendo, osati mwini nyumba.

Kaonekedwe ka mabulaketi kamadalira kumene mukutumiza. Kalembedwe ka APA, kofala m'maphunziro a maganizo a anthu ndi a zamaphunziro, kamafuna mabulaketi a makona ndi koma. Magazini ambiri a zachipatala amafuna mawu pakati pa manambala awiriwo. Pa lipoti lachingerezi mudzaona zotere:

```
95% CI [0.7, 19.3]
(95% CI 0.7 to 19.3)
```

Atsegule malangizo a olemba aja, asankhe kalembedwe kamodzi, ndipo akagwiritse ntchito kuyambira m'chidule cha kumayambiriro mpaka patebulo lomaliza.

Pali tizinthu tina tinayi timene timaoneka tating'ono koma timasokoneza owerenga.

Koyamba ndi kamzere. Anthu amakonda kulemba 0.7-19.3, ndipo zimawerengeka ngati manambala onse ali pamwamba pa ziro. Koma tayesani ndi mzere woyamba wa tebulo lija, kapena ndi malire amene onse ali pansi pa ziro: −8.6-−2.1. Palibe angadziwe kuti kamzere ndi kati, mainasi ndi iti. "Mpaka" kapena koma amathetsa vutoli.

Kachiwiri ndi manambala a pambuyo pa kadontho. Nambala yoyerekeza ndi malire ake zikhale ndi malo ofanana: 10.0 ipite ndi 0.7 ndi 19.3, osati 10 ndi 0.70291. Manambala ambirimbiri amanamizira kulunjika kumene kulibe. Pa maperesenti malo amodzi amakwana, pa RR ndi OR malo awiri. Koma asafupikitse mopitirira: 1.01 ikasanduka 1.0, wowerenga sangadziwe ngati malirewo akhudza 1 kapena ayi.

Kachitatu ndi ±. Asalembe 10.0 ± 9.3. Wowerenga sangadziwe ngati 9.3 ndi SE, theka la malire kapena SD, muyeso wa kumwazikana kwa anthu, ndipo pa RR chizindikirochi n'chabodza chifukwa mbali ziwiri sizofanana.

Kachinayi ndi mawu akuti peresenti. Kuchoka pa 60% kufika pa 70% ndi kuwonjezeka kwa anthu 10 pa 100 aliwonse, koma tikayerekeza ndi pamene tinayambira ndi kukwera ndi 17%. Akalemba kuti "zinakwera ndi 10%" wasakaniza ziwirizi. Anene momveka kuti akunena iti, ndipo malire akhale a yomweyo.

Patebulo, `95% CI` ilembedwe kamodzi pamutu pa danga, osati m'bokosi lililonse. Pachithunzi chokhala ndi timizere totuluka m'madontho, mawu a pansi pake anene ngati timizereto ndi CI, SE kapena SD. Ndipo m'chigawo cha njira za kafukufuku mukhale chiganizo chimodzi chotchula mlingo, njira yowerengera ndi pulogalamu yake.

## Sitepe 7: Mawu otsatira agwirizane ndi malire

Akamaliza kulemba, phimbani nambala ya pakati ndi chala, musiye malire okha, ndipo awerenge mawu ake omasulira zotsatira. Ngati walemba kuti "uthenga umathandiza kwambiri", 0.7 ikumutsutsa. Mawu oyenera ndi onga awa: "Zotsatirazi zikusonyeza kuti uthenga umawonjezera obwerera, koma zikugwirizana ndi phindu lochepa kwambiri komanso ndi phindu lalikulu." Kenako muuzeni akufotokozereni zonse kuyambira sitepe yoyamba ngati inu ndinu wophunzira. Pamene adodome ndi pamene mubwerere.

## Zolakwa zimene zimabwerabwera

Kuganiza kuti malire akunena za munthu payekha. Tinene kuti odwala 140 aja anatenga avareji ya masiku 12 kuti abwerenso, SD ili 6. SE ndi 6 kugawa ndi √140, imene ndi 0.51, ndipo malire a avareji ndi masiku 11.0 mpaka 13.0. Wophunzira amalemba kuti odwala 95 pa 100 anabwera pakati pa tsiku la 11 ndi la 13. Ayi ndithu. SD ya 6 ikutiuza kuti ambiri anabwera kale kwambiri kapena mochedwa kwambiri kuposa pamenepo. Malire akunena za avareji, SD ikunena za kumwazikana kwa anthu.

Kugwiritsa ntchito 1.96 pa avareji ya anthu ochepa. Pamenepa pamafunika nambala ya t, imene ndi yokulirapo: 2.26 pa anthu 10, ndi 2.05 pa anthu 30. Lamulo la `t.test()` limachita lokha, vuto limabwera munthu akamawerengera pamanja.

Malire osatheka. Ngati munthu 1 mwa 20 anadandaula ndi uthenga, fomula ya sitepe 2 ipereka −4.6% mpaka 14.6%. Peresenti ya anthu siingatsike pansi pa ziro, ndipo chimenechi ndi chizindikiro chakuti fomulayo yalephera. Imalephera zochitika zikakhala zochepa kapena peresenti ikayandikira 0 kapena 100. Asangodula mainasi n'kulemba ziro. Agwiritse ntchito njira ya Wilson, imene `prop.test(1, 20, correct = FALSE)` imapereka: 0.9% mpaka 23.6%. Taonani mmene malire a pamwamba akwerera.

Kulemba 0% popanda malire. Ngati palibe ndi mmodzi yemwe mwa 200 amene anadandaula, sizikutanthauza kuti sizingachitike. Pali kachidule kothandiza: gawani 3 ndi n. Apa malire a pamwamba ndi pafupifupi 1.5%.

Kuiwala kuti anthu anatengedwa m'magulumagulu. Fomula yathu imaganiza kuti munthu aliyense ndi wodziimira payekha. Ngati maere anagwera zipatala zathunthu, zina uthenga zina ayi, odwala a chipatala chimodzi amafanana m'zambiri, ndipo malire owerengedwa mwachizolowezi amatuluka opanikizana kuposa mmene ayenera kukhalira. Pamenepo pamafunika njira yoganizira magulu, ndipo ndi bwino kufunsa katswiri wa masamu a kafukufuku deta isanatoleredwe.

Kusintha mlingo mutaona zotsatira. Pa 99% kusiyana kwathu kuli −2.2 mpaka 22.2, pa 90% kuli 2.2 mpaka 17.8. Munthu wofunitsitsa kuti ziro ikhale kunja kwa malire akhoza kukopeka ndi 90%. Mlingo ulembedwe m'pulani ya kafukufuku, ndipo ukhale womwewo.

Kukhulupirira malire opanikizana ngati umboni wakuti zonse zili bwino. Malire amayeza kugwedezeka kobwera ndi mwayi wa sampulo basi. Tiyerekeze kuti sitinagawe mwa maere, koma uthenga unapita kwa amene ali ndi foni, ndipo opanda foni ndi amene anakhala gulu lachiwiri. Amene ali ndi foni akhoza kukhalanso amene savutika kufika kuchipatala. Ndi odwala 800 pagulu lililonse tikanapeza 5.4 mpaka 14.6, malire okongola, koma ozungulira nambala yolakwika, ndipo kuwonjezera odwala kukanangowapanikiza kwambiri pamalo olakwika omwewo. Choncho wophunzira wanu akamawerenga pepala la wina, ayambe waona mmene anthu anasankhidwira, mmene anagawidwira ndi angati anasowa m'njira, kenako ndiye ayang'ane m'mabulaketi.